Nyumba ndi galimoto ya manijala: mupereke chinthucho kapena ndalama?

Kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje, ntchito ya umanijala sikambidwa pa malipiro okha. Munthu mukamuitana kuti achoke ku Limbe adzayang'anire minda ya tiyi kapena ya makadamiya, funso lake loyamba limakhala lakuti, "Nanga ndizikhala kuti, ndipo ndiziyendera chiyani?" Olemba ntchito ambiri amayankha pomwepo, nkhani ya msonkho n'kudzaikumbukira patapita miyezi, akauntanti atafunsa kuti lendi ija ailembe pati. Ine ntchito yanga ndi ya mabuku a ndalama, ndipo ndaona kuti chimene chimasokoneza anthu si kuchuluka kwa msonkhowo ayi, koma kusadziwa kuti chinthu chimodzimodzi chimalowa mu msonkho wosiyana malinga ndi dzanja limene chadzera.

Lamulo lake ndi lalifupi. Ndalama iliyonse imene mwaika m'manja mwa wantchito, kaya mwaitcha alawansi ya nyumba kaya ya galimoto, ndi malipiro. Imaphatikizidwa ndi salale n'kudulidwa PAYE, ndipo amene amamva kuwawa ndi wantchitoyo. Koma mukamupatsa chinthu chenichenicho, nyumba yogonamo kapena galimoto yoti azipita nayo kwawo, msonkho wake ndi FBT, kutanthauza Fringe Benefits Tax, msonkho wa pa zinthu zimene wantchito amapatsidwa kupatula malipiro. Umenewu ndi 30 peresenti ya mtengo umene lamulo limaika pa chinthucho, ndipo amalipira ndi olemba ntchito kuchokera m'thumba mwawo, osati kumudula wantchito. Boma lokha ndi limene silikhudzidwa ndi msonkho umenewu ngati wolemba ntchito. Sukulu yapulayiveti ku Luchenza, kampani ya mathiraki pa Chitakale, bungwe lothandiza alimi, onsewa akangoyamba kupereka nyumba kapena galimoto, nkhaniyi ndi yawo.

Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi tiyende nacho mpaka kumapeto. Kampani yalemba wothandizira manijala wa kumunda pa K900,000 pamwezi. Nyumba yomuyenera yapezeka pa boma la Thyolo, lendi yake K300,000 pamwezi. Ndigwiritsa ntchito magawo a PAYE amene anayamba mu Epulo 2024: K150,000 yoyamba yosadulidwa kanthu, K350,000 yotsatira pa 25 peresenti, kuchoka pa K500,000 kufika pa K2,550,000 pa 30 peresenti, ndipo kupitirira apo 35 peresenti. Magawo amenewa amasintha ndi bajeti, choncho inu ikanipo a chaka chimene mukuwerengera. Njira yowerengera ndiyo sisintha.

Njira yoyamba, imene ambiri amathamangira chifukwa ilibe mapepala ochuluka, ndi kungoonjezera K300,000 pa malipiro n'kumuuza kuti adzionere yekha nyumba. Popeza bamboyu ali kale m'gawo la 30 peresenti, pa K300,000 ija PAYE itengapo K90,000, iye atsala ndi K210,000, pamene eni nyumba akudikira K300,000 yathunthu. Mwezi woyamba ukangotha mumuona ali pa khomo la ofesi, kapepala ka malipiro kali m'manja, akufunsa kuti, "Bwana, kodi si paja tinagwirizana kuti nyumba ndi ya kampani?" Kuti atsaledi ndi K300,000 pambuyo pa msonkho, alawansiyo iyenera kukhala K428,571, chifukwa mukachotsapo 30 peresenti yake, yomwe ndi K128,571, m'pamene imatsala K300,000. Ndiye mtengo weniweni wa njira imeneyi si K300,000 ayi, ndi K428,571, pokhapokha ngati mwatsimikiza kuti kusiyanako asenze yekha mwiniwakeyo.

Njira yachiwiri ndi yakuti kampani ichite pangano ndi eni nyumba, izilipira yokha lendi, manijala azingolowa ndi kutuluka. Apa PAYE palibe, pali FBT. Mtengo wa nyumba pa msonkhowu umapezeka poyerekeza ziwerengero n'kutenga chachikulu: lendi yeniyeniyo, kapena 10 peresenti ya salale ngati nyumbayo ilibe katundu wa kampani, kapena 12 peresenti ngati kampani yaikamo mipando, mabedi ndi zina zotere. Pa chitsanzo chathu 10 peresenti ndi K90,000 ndipo 12 peresenti ndi K108,000. Zonse ziwiri zagonja kwa lendi, choncho titenga K300,000. FBT yake ndi K90,000 pamwezi, ndipo kampani yatulutsa K390,000 yonse pamodzi.

Poyang'ana koyamba zikuoneka ngati mlandu watha: K390,000 ndi yochepa kuposa K428,571. Koma musafulumire. Kampani yopanga phindu imalipiranso msonkho wa 30 peresenti pa phindulo, ndipo ndalama zimene yagwiritsa ntchito pa bizinesi imazichotsa isanawerengere msonkhowo. Alawansi yonse ya K428,571 imaloledwa kuchotsedwa ngati malipiro, ndiye imachepetsa msonkho wa kampani ndi K128,571, mtengo wake weniweni n'kukhala K300,000. Kumbali inayo lendi ya K300,000 imaloledwa, n'kuchepetsa msonkho ndi K90,000, koma FBT yeniyeniyo lamulo silimalola kuti ichotsedwe. Mukachotsa K90,000 pa K390,000 mutsala ndi K300,000. Njira ziwirizi zakumana pa nambala imodzi, ndipo si mwangozi: pamene PAYE ya munthu, FBT ndi msonkho wa kampani zonse zili pa 30 peresenti, palibe njira imene ikuposa inzake ndi tambala yomwe. Ndakhalapo m'misonkhano imene anthu anatsutsana mpaka tiyi kuzizira pa nkhani yoti masamu ake amafanana chonchi.

Kusiyana kumayamba pamene chimodzi mwa zitatuzo chasuntha. Tengani kalaliki wa pa sikelo amene amalandira K250,000, ndipo nyumba yake ku Luchenza ndi ya K60,000. Iyeyu ali m'gawo la 25 peresenti, choncho alawansi ya K80,000 imusiyira K60,000 yoyera. Kwa kampani yopanga phindu, K80,000 imeneyo imathera pa K56,000, pamene kumulipirira lendi kumathera pa K60,000. Kwa iyeyu ndalama ndiyo yotsika mtengo. Mukakwera kwa manijala wamkulu wa m'gawo la 35 peresenti, zinthu zimatembenuka. Kuti atsale ndi K300,000 pafunika alawansi ya K461,538, yomwe imathera pa K323,077 msonkho wa kampani ukachotsedwa, pamene kulipira lendi kukadali pa K300,000. Munthu akamakwera m'magawo a PAYE, kumupatsa nyumba yeniyeni kumayamba kupindulitsa kuposa kumupatsa ndalama.

Palinso olemba ntchito amene kuchotsera kuja sikuwakhudza, monga bungwe losapanga phindu, kapena kampani imene ikungotaya chaka ndi chaka moti kuchotserako sikuibwezera kanthu posachedwa. Kwa amenewa masamu amaima pa ndalama yotuluka m'thumba basi, K390,000 motsutsana ndi K428,571, ndipo kulipira lendi mwachindunji kumapulumutsa K38,571 mwezi uliwonse pa munthu mmodzi.

Njira ya lendi ili ndi minga iwiri imene ndimaiona kawirikawiri. Woyamba ndi wa eni nyumba. Kampani ikamalipira lendi imayenera kudulapo msonkho n'kuupereka ku MRA, eni nyumba n'kupatsidwa chiphaso chosonyeza kuti adulidwa. Eni nyumba ambiri a m'matauni athu ang'onoang'ono anazolowera kulandira ndalama yathunthu m'manja. Akamva za kudulidwa, ena amakana, ena amakweza lendi kuti atsalebe ndi yomwe ankafuna, ndipo lendi ikakwera FBT imakwera nayo. Nkhani imeneyi muikambe pangano lisanasainidwe.

Munga wachiwiri ndi wa maperesenti aja, ndipo umabaya kwambiri kuno kwathu kumene lendi ndi yotsika poyerekeza ndi mumzinda. Manijala wa K3,000,000 pamwezi akamakhala m'nyumba ya K250,000, mtengo wa pa msonkho si K250,000 ayi. 10 peresenti ya salale yake ndi K300,000, ndipo ndiyo yaikulu. Kampani ikaikamo sofa, firiji ndi mabedi, nambala idumphira pa K360,000. Akauntanti amene amangokopera lendi kotala ndi kotala saona kuti tsiku limene salale inakwezedwa, mtengo wa nyumba unasinthanso ngakhale eni nyumba sanaonjezere kanthu. Chizindikiro chake n'chosavuta: ngati salale yapitirira lendi kakhumi, lendi yasiya kukhala nambala yanu. Pa nyumba ya katundu malire amafika msanga, salale ikangodutsa pang'ono lendi kasanu ndi katatu.

Njira yachitatu ndi imene maesiteti akuluakulu anayamba nayo kalekale, nyumba zawozawo mkati mwa minda. Nyumba yotere siithawa FBT chifukwa choti palibe amene akulipira lendi. Lamulo limaiyang'ana padera ndi ya lendi, ndipo popeza palibe lisiti ya eni nyumba, pamafunika chikalata chosonyeza kuti ikanachititsidwa lendi ikanakhala pa ndalama zingati. Bangalo yokhala yokhayokha pakati pa tiyi, kutali ndi msewu wa tala, simungaiyerekeze ndi nyumba ya ku Namiwawa, koma mawu apakamwa sakwanira, pafunika pepala la munthu wodziwa kuyeza mitengo ya nyumba. Ubwino umodzi wa nyumba ya kampani ndi wakuti mlonda ndi wosamalira maluwa sawerengedwa ngati phindu la manijala, popeza akusamalira katundu wa kampaniyo. Pa nyumba ya lendi, malipiro a anthu omwewo amalowa onse mu FBT.

Nanga nyumba za m'malayini, momwe mumakhala otchola tiyi ndi ogwira ntchito m'fakitale? Msonkhowu sukhudza zinthu zoperekedwa kwa wantchito amene ndalama zake zapachaka sizidutsa gawo losadulidwa msonkho. Amene ali pansi pa mzere umenewo, nyumba yake ilibe FBT. Chofunika kusamala ndi anthu a m'malire, monga akapitawo, kapena otchola amene m'miyezi ya mvula, tiyi akaphuka kwambiri, amakolola ndalama zambiri za makilogalamu oonjezera. Mzerewo umayezedwa pa ndalama za chaka, osati pa mwezi wa chilimwe umene munthu analandira zochepa.

Tsopano galimoto, kumene masamu ake ndi ena ndithu. Pa nyumba msonkho umatsata ndalama imene ikutuluka lero. Pa galimoto umatsata mtengo umene inagulidwira: 15 peresenti ya mtengowo pachaka. Tinene kuti manijala wathu wapatsidwa galimoto ya K40,000,000 yoti aziyendera kuntchito komanso kwawo. 15 peresenti ndi K6,000,000 pachaka, kutanthauza K1,500,000 pa miyezi itatu iliyonse. FBT yake ndi K450,000 pa kotala, K1,800,000 pachaka. Nambala imeneyi siitsika galimoto ikamakalamba. Misewu ya m'minda idye masipuling'i, utoto usuluke, m'mabuku mtengo wake ufike pafupi ndi ziro, FBT idzakhalabe pa mtengo wa tsiku logula. Cholakwa chimene ndimachipeza kwambiri ndi chakuti wina watenga mtengo wotsala m'mabuku m'malo mwa mtengo wogulira, ndipo chimadziwika msanga: ngati FBT ya galimoto yomweyo ikutsika chaka ndi chaka, pali polakwika.

Lamulo lomweli lili ndi mbali ina yokoma. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 komanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya galimoto inakwera koopsa. Galimoto yogulidwa kugwa kumeneku kusanachitike imawerengedwabe pa makwacha akale. Ngati inagulidwa pa K15,000,000, mtengo wa pa msonkho ndi K2,250,000 pachaka, FBT yake K675,000. Tsiku limene mudzaisinthe ndi yatsopano ya K40,000,000, msonkho udzakwera ndi K1,125,000 pachaka, manijala ali yemweyo, maulendo ali omwewo. Amene akukonza bajeti yogulira galimoto aziikamo ndalama imeneyi, chifukwa siioneka pa kotesheni ya ogulitsa.

Pali njira zina zitatu zoti muyerekeze nazo, ndipo sizifanana kulemera. Yoyamba ndi galimoto ya ntchito basi, yogona pa ofesi kapena pa fakitale, makiyi ali kwa mlonda, ulendo uliwonse wolembedwa m'buku. Msonkho umadza chifukwa cha phindu limene munthu akupeza payekha, ndiye ngati phindulo palibe, FBT palibenso. Kwa manijala amene amakhala mkati mwa esiteti, nyumba ili pafupi ndi ofesi, njira imeneyi ndi yotheka. Koma ikhale yoona. Galimoto yolembedwa kuti ndi ya ntchito, komano Loweruka ikuoneka pa msika wa Bvumbwe itadzaza kabichi, Lamlungu ili pa tchalitchi, imeneyo ndi galimoto ya munthu. Buku la maulendo lolembedwa ndi cholembera chimodzi, dzanja limodzi, miyezi isanu ndi umodzi yonse ngati lalembedwa usiku umodzi, ofufuza mabuku amalizindikira asanamalize tsamba loyamba.

Yachiwiri ndi alawansi ya galimoto, imene imangolowa mu PAYE ngati ija ya nyumba. Pamapepala ndi yopepuka, koma m'dera lathu ine sindiikonda pa munthu wa kumunda. Galimoto ikakhala yake amayamba kuiumira, ndipo munda wa kutsidya kwa mtsinje umayamba kuyenderedwa kamodzi pamwezi. Imagwira bwino kwa a muofesi, amene ulendo wawo waukulu ndi wa ku banki ndi ku Blantyre.

Yachitatu ndi kumubwereka ndalama kuti agule yakeyake. Apa FBT siikhala pa galimoto koma pa chiwongoladzanja chimene mwamukhululukira. Mwachitsanzo, ngongole ikhale K10,000,000 pa 10 peresenti, pa nthawi imene mabanki akubwereketsa pa 30 peresenti. Kusiyana kwake ndi K2,000,000 pachaka ngongole isanayambe kubwezedwa, FBT yake K600,000, ndipo imatsika ngongole ikamachepa. Mosiyana ndi galimoto ya kampani, msonkho uwu uli ndi tsiku lothera. Vuto lake lili kwina: munthu akasiya ntchito ngongole ili pakati, amapita ndi galimoto, inu n'kutsala ndi pepala.

Maganizo anga ndi awa. Kwa manijala wa kumunda amene amayenda tsiku lililonse, galimoto ya kampani ndiyo yoyenera ngakhale ili ndi FBT, ndipo ndi bwino kuvomereza poyera kuti amapita nayo kwawo n'kulipira 15 peresentiyo, kusiyana ndi kunamizira kuti imagona pa fakitale.

Zonsezi zikasankhidwa, chotsala ndi kuziuza a MRA. Wolemba ntchito amalembetsa FBT pasanathe masiku 14 chiyambire kupereka zinthuzi, pa fomu ya FBT 1, ndipo kukhala ndi TPIN, nambala ya msonkho ija, kapena kulipira kale PAYE sikutanthauza kuti mwalembetsa. Kenako miyezi itatu iliyonse pamapita fomu ya FBT 2 pamodzi ndi ndalama, pasanathe masiku 14 kotala itatha. Makotala amatha kumapeto kwa Juni, Sepitembala, Disembala ndi Malichi, ndiye masiku oti muwaike pa khoma ndi 14 Julayi, 14 Okutobala, 14 Januwale ndi 14 Epulo. Masiku ano zimadzera pa Msonkho Online, simufunikanso kukwera minibasi ndi mafayilo. La 14 Januwale ndilo limaphonyedwa kwambiri, chifukwa ofesi imakhala ikungochokera ku tchuthi, kumunda tiyi ali pachimake, ndipo PAYE ya Disembala nayo imafunika tsiku lomwelo. Kuchedwa kumabwera ndi chilango ndi chiwongoladzanja, zomwenso siziloledwa kuchotsedwa pa phindu.

Timalize ndi kotala imodzi ya manijala wathu wa K900,000, kampani itasankha kumulipirira lendi ndi kumupatsa galimoto ija. Nyumba ndi K300,000 katatu, yomwe ndi K900,000. Galimoto ndi K1,500,000. Kampani ikulipiranso magetsi a ESCOM ndi madzi a Southern Region Water Board, tinene K60,000 pamwezi, ndipo izi zimalowa zonse popanda kuchotsera, ndiye K180,000. M'kotala yomweyi yalipira fizi ya mwana wake, K800,000. Ndalamayo ikapita ku sukulu mwachindunji, theka lokha ndilo limawerengedwa, K400,000. Ikanadzera m'manja mwa bamboyo kuti akalipire yekha, yonse ikanasanduka malipiro n'kudulidwa PAYE, ndipo pa chinthu chimodzi chokhachi kulipira mwachindunji kumapambana popanda mkangano. Zonse pamodzi zikwana K2,980,000, ndipo 30 peresenti yake ndi K894,000.

Ngati manijala amabweza kenakake, monga kudulidwa K50,000 pamwezi ya nyumba, mtengo wa pa msonkho umatsika ndi ndalama imeneyo, bola kudulako kuzioneka pa kapepala ka malipiro mwezi uliwonse. Kumbuyo kwa fomu iliyonse sungani pangano la lendi, inivoisi yogulira galimoto, malisiti a magetsi ndi madzi, ndi lisiti ya sukulu yolembedwa m'dzina la kampani. Ofufuza akabwera sayambira pa fomu yanu. Amatsegula buku lalikulu la ndalama, n'kupeza lendi ya nyumba zogonamo, mabilu a magetsi a manambala osakhala a fakitale, ndi mndandanda wa galimoto za kampani, kenako amafunsa kuti m'nyumba iyi mumagona ndani, ndipo galimoto iyi usiku imagona kuti.